Bwana akuti zotsatsa za pa Facebook zangodya ndalama, lipoti ndilembe bwanji?

Nachisale_Luchenza
Abale ndithandizeni nzeru. Ndimayendetsa zotsatsa za kakampani kena kuno ku Luchenza, timagulitsa ndi kuika mapampu a sola komanso magetsi a sola, koma osati a m'nyumba ayi, makasitomala athu ndi maesiteti, makoparetivi, maloji ndi masukulu ogonera konko. Kuyambira Meyi mpaka Julayi talowetsa K1,800,000 pa Facebook, K600,000 mwezi uliwonse. Mauthenga a pa WhatsApp abwera 240, anyamata athu ayenda mikumano 14, makoteshoni atuluka 4, koma wogula palibe mpaka lero. Bwana dzulo anandiitana akuti "iwe ndalama zanga zalowa m'madzi, Ogasiti tisiya". Ine ndikudziwa kuti anthu amenewa sagula lero ndi lero koma ndikusowa kalembedwe ka lipoti koti iwo aone zomwe ndikuona ine. Lachisanu akulifuna.

Chimz_Limbuli
Bwanayo sakunama. 1.8 mita yalowa, chatuluka ziro. Lipoti lake ndi lomwelo basi, zinazo ndi kukongoletsa.

MaiChinanazi
Ine ndimabusta positi ndi ndalama yochepa zedi Lachinayi, pofika Loweruka zinanazi zatha pa Chitakale. Mwina zithunzi zanu sizikukopa achemwali, yesani kavidiyo.

Nachisale_Luchenza
Zikomo mayi koma chinanazi munthu amagula ndi ndalama ya m'thumba mwake. Pampu yathu yotchipitsitsa yoikiratu ndi mamiliyoni, ndipo amene amatilembera uthenga si amene amasayina cheke.

MadalaAkuMakwasa
Mwana wanga Nachisale, ine ndinagwira ntchito zaka zambiri mu ofesi yogula katundu pa esiteti ina ya tiyi, ndiye ndikuuzeni mmene pepala lanu limayendera likalowa pageti. Amene waona chotsatsa chanu nthawi zambiri ndi kapitawo wa ku nazale kapena mnyamata wa ku wekishopu, iyeyo ndiye akuvutika ndi jenereta tsiku ndi tsiku. Akauza manijala wa munda. Manijala akati chabwino, nkhani imabwera kwa ife, ndipo ife sitingapite ndi koteshoni imodzi, timafuna zitatu, ndiye tiyamba kusaka anzanu awiri opikisana nanu. Zikakwana zimapita kwa akauntanti, iye amayang'ana ngati chinthucho chinalowa mu bajeti ya chaka chino. Ngati sichinalowe, ngakhale aliyense achikonde, chidikira chaka chinacho. Chikakhala cha ndalama zambiri chimakasayinidwa ku likulu ku Blantyre, mwinanso eni ake ali kunja.

Onjezaninso nyengo. Kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo masamba amakhala ali mbwee, aliyense maso ali pa kuthyola ndi ku fakitale, palibe amene angakhale nanu pansi za pampu. Za madzi zimakumbukiridwa kukayamba kuuma. Ndiye wolemba uthenga mu Juni akhoza kutulutsa oda mu Okutobala, kapena Juni wa chaka chamawa. Miyezi itatu pamenepa simunachedwe ayi.

Chimz_Limbuli
Ndiye bwana azingothira ndalama mpaka Juni wa chaka chamawa ali duu kudikira? Madala nanunso.

MadalaAkuMakwasa
Sindinatero a Chimz. Ndati asayese ndi oda pa miyezi itatu. Payenera kupezeka china choyesera pakatipa, koma chimenecho anene odziwa za makompyuta.

Sapitwa265
Achemwali, ndimagwira ntchito ngati yanuyi, ndiye ndifunse kaye chinthu chimodzi. Pa mikumano 14 ija, ingati yomwe munakhala pansi ndi munthu amene ali ndi mphamvu pa ndalama, ndipo anatchula vuto lenileni ndi nthawi yomwe akufuna ntchito itachitika? Chifukwa lipoti lonse litsamira pamenepo. Mauthenga 240 musawaike pamwamba, mukagawa K1,800,000 ndi 240 mupeza K7,500 pa uthenga, nambala yokoma m'maso koma mkati mwake muli ofuna ntchito, ofuna sola yotchajira foni, ndi ongolemba "zingati" n'kusowa.

Nachisale_Luchenza
Ndakhala pansi ndi anyamata awiri aja tawerenga umodzi umodzi. Pa 240 aja, ochokera ku mabungwe kapena mabizinesi enieni ndi 31. Pa mikumano 14, ina anakapeza mlonda ndi kalaliki basi, ina munthu amangofuna kudziwa mtengo kuti akalembe pempho la thandizo. Yomwe inali ndi mwini kapena manijala kapena tcheya ndi msungichuma, n'kutionetsa chitsime kapena mabilu a dizilo, ndi 6.

Sapitwa265
Eya, 6 imeneyo ndiye nambala yanu. Tsopano K1,800,000 kugawa 6 ndi K300,000 pa mkumano weniweni umodzi. Koma musanalembe, mugwirizane ndi bwana pa pepala kuti mkumano weniweni ndi uti, apo ayi mwezi wamawa anyamata adzayamba kuwerenga paliponse pomwe aima ndi njinga. Kwathu timati uyenera kukwana zinthu izi zonse pamodzi: unachitikadi osati kungopangana tsiku, panali munthu amene amasayina kapena amene amakonza bajeti, pali ntchito yomwe ife timaigwira ndipo kukula kwake kukudziwika, ndipo mwasiyana mutagwirizana chotsatira chokhala ndi deti, kaya kudzayeza chitsime kaya kutumiza koteshoni. Chimodzi chikasowa sitiwerenga. Ndipo amene amavomereza kuti uwu walowa asakhale inu wotsatsa, akhale wa malonda kapena bwana yemweyo, kuti mawa asadzati munadzikomera nokha.

KalalikiWaBvumbwe
K300,000 imeneyo ndi yochepa dala. Nachisale amalipidwa, anyamata amathira mafuta kupita ku Thekerani ndi ku Muloza, zimenezo ndi ndalama za bwana yemweyo. Ine ndikanakhala akauntanti wawo lipoti limenelo ndikanabweza.

Sapitwa265
Zoona, koma ndimalemba zonse ziwiri. Ya zotsatsa zokha imandiuza ngati kampeni ikuyenda bwino poyerekeza ndi mwezi watha. Ya zonse pamodzi ndi ya bwana.

Nachisale_Luchenza
Ine amandipatsa K200,000 pa mwezi pa ntchito imeneyi, ndiye K600,000. Mafuta ndi zodyera pa maulendo onse aja pafupifupi K300,000. Zonse K2,700,000. Kugawa 6 ikubwera K450,000. Mayo ine, bwana akaona imeneyi sadzandithamangitsa?

Chimz_Limbuli
450 sauzande kungokhala pansi ndi munthu kumwa tiyi!

MaiChinanazi
Kodi mikumano yake mumapereka ma alawansi? Chifukwa ngati mukuitana anthu ku holo n'kuwadyetsa ndiye ndalama zikuthera pamenepo, chepetsani anthu oitanidwa.

Nachisale_Luchenza
Ayi mayi si wekishopu, ndife amene timapita ku ofesi kwawo. Ndalamayo ndi yomwe tawononga kuti munthu woyenerayo apezeke.

KalalikiWaBvumbwe
Musaope nambala achemwali, K450,000 payokha siikunena kuti yakwera kapena yatsika mpaka mutadziwa kuti mkumano umodzi umabweretsa zingati. Pitani mukatenge buku la makoteshoni la kampani yanu, la zaka ziwiri zapitazi, muwerenge kuti munatulutsa angati ndipo angati anasanduka oda. Mufunsenso bwana kuti pa ntchito imodzi, akachotsa katundu ndi amisiri, amatsala ndi gawo lanji. Mukabwera nazo tiwerengera limodzi pompano.

Nachisale_Luchenza
Ndapita kwa mayi a ku akaunti. Makoteshoni a mabungwe zaka ziwirizi ndi 40, omwe anagula ndi 10. Ntchito imodzi pakatikati imakhala cha m'ma K20 miliyoni pa mitengo ya pano, ndipo akuti phindu lisanachotsedwe za ofesi ndi 20 peresenti.

KalalikiWaBvumbwe
Basi zakwana. Ntchito ya K20 miliyoni ikusiya K4 miliyoni. Pa mikumano yanu 6 patuluka makoteshoni 4, ndipo mbiri yanu ikuti pa makoteshoni 4 aliwonse mmodzi amagula. Ndiye kuti mikumano 6 imabala oda imodzi, K4 miliyoni kugawa 6, mkumano umodzi ukulemera pafupifupi K667,000. Inu mukuugula pa K450,000. Muli pansi pa malire, koma osati kutali kwambiri, ndipo chenjerani apa: mikumano 6 ndi yochepa zedi. Bwana akakana iwiri kuti siinali yeniyeni mutsala ndi 4, K2,700,000 kugawa 4 ndi K675,000, mwadutsa kale malire. Ndiye musakalankhule ngati mwapambana, mukanene kuti zikuoneka zolimbikitsa ndipo miyezi ina itatu itiuza zoona.

Chinanso, 10 pa 40 aja ambiri mwina anabwera kudzera mwa anthu odziwana ndi bwana. Wobwera yekha kuchokera pa Facebook sakukudziwani, akhoza kugula mochepera pamenepo. Chimenecho chilembeni poyera m'lipoti.

Namulondola_Chonde
Inetu nkhani yanga ndi ina pang'ono koma ndi yomweyi. Timagulitsa masikelo ndi kuwakonza, makasitomala ndi makalabu a alimi a tiyi ndi ogula nandolo. Tinalemba mnyamata wina wa ku tauni kuti azititsatsira, mwezi uliwonse amabwera ndi pepala lokongola lolemba kuti paipulaini, kutanthauza ndalama za malonda omwe akuyembekezeka, yafika K200 miliyoni, kenako K260 miliyoni, amuna anga mpaka anakatenga katundu wambiri pa ngongole poyembekezera zimenezo. Chaka chitatha zomwe zinalowa sizinafike ngakhale K20 miliyoni. Titafufuza tinapeza kuti aliyense wofunsa mtengo iye amamulemba ngati wogula, ndipo palibe dzina lomwe amalichotsa ngakhale munthu atasiya kuyankha foni miyezi isanu. Ndiye ine mawu akuti paipulaini ndikamawamva mtima umandiwawa.

Sapitwa265
Pepani mayi, zimenezo zimachitikadi ndipo n'zimene zimaipitsa ntchito yathu. Kaunjikidwe kameneko ndi ngati kuwerenga matumba a chimanga chikadali ngaiyaye. Achemwali Nachisale, tiuzeni makoteshoni 4 aja, ndalama zake ndi pomwe aliyense wafika, osatchula maina.

Nachisale_Luchenza
Esiteti ya makadamiya K48 miliyoni, koteshoni ili kwa akauntanti wawo, akudikira ena awiri. Loji ina cha ku Likhubula K22 miliyoni, mwini wake wabwera kale kawiri ku ofesi, tikukambirana za dipoziti. Koparetivi ya mkaka K14 miliyoni yoziziritsira mkaka, akufuna kwambiri koma ndalama akudikira bungwe lowathandiza. Sukulu yogonera K9 miliyoni, komiti ikumana akatsegulira. Zonse pamodzi K93 miliyoni.

Sapitwa265
K93 miliyoni ilembeni, ndi yoona, koma isaime yokha. Pambali pake muike yopimidwa. Koteshoni yomwe yangotumizidwa muipatse 25 peresenti, chifukwa ndi zomwe buku lanu lanena, 10 pa 40. Ndiye esiteti ikhala K12 miliyoni, sukulu K2.25 miliyoni. Loji yafika pokambirana dipoziti, ine ndingaipatse theka, K11 miliyoni. Koparetivi ndalama si zawo ndipo sakudziwa tsiku, ndingaike 10 peresenti basi, K1.4 miliyoni. Kuphatikiza ndi K26.65 miliyoni. Pa 20 peresenti ya phindu ndi K5.33 miliyoni, poyerekeza ndi K2.7 miliyoni yomwe yalowa.

Mu Excel ngati ndalama zili mu E ndipo peresenti ili mu F, ndi izi basi:

```
=SUMPRODUCT(E2:E30,F2:F30)
```

Koma onani bwino, esiteti yokha ndi yoposa theka la K93 miliyoni ija. Ikagwa, yopimidwa itsika kufika K14.65 miliyoni, phindu K2.93 miliyoni, kungobweza zomwe munalowetsa. Ine ndimalemba mizere iwiri, wina ndi kasitomala wamkuluyo wina popanda iye, bwana aone yekha.

MadalaAkuMakwasa
25 peresenti pa esiteti ija ine ndikukayika. Nthawi zambiri ifeyo timakhala tili naye kale amene timagulako, enawo timangowafunsa kuti mapepala akwane atatu. Kuti mudziwe mbali yomwe muli, onani ngati anakulolani kukayeza damu ndi kuona mapaipi, komanso ngati akukufunsani za waranti ndi zosinthira zikaonongeka. Akangoti "tumizani mtengo pofika mawa" osafuna n'komwe kuti mufike pamalopo, dziwani kuti ndinu wodzazitsa.

Nachisale_Luchenza
Anatilola bambo, injiniya wathu anakhala konko tsiku lonse ndipo anafunsa ngati tingagawe ntchito pawiri.

MadalaAkuMakwasa
Aaa ndiye muli m'katimo ndithu. Koma kugawa pawiri kukutanthauza kuti chaka chino mwina atulutsa theka lokha, musawerengere K48 miliyoni yonse.

Chimz_Limbuli
Maperesenti onsewa mukungowatola m'mutu. Theka la loji mwalitenga kuti? Munthu amagula kapena sagula, palibe amene amagula theka la pampu.

KalalikiWaBvumbwe
Apa a Chimz ali ndi mfundo. Pa makasitomala 4 kupima sikulosera kanthu kwenikweni, Disembala ikadzafika simudzapeza K26.65 miliyoni, mudzapeza mwina 22, mwina 70, mwina ziro. Kupimaku kumayamba kugwira akachuluka. Ntchito yake pano ndi kuletsa bwana kukatenga ngongole pa K93 miliyoni ngati zinawachitikira a Namulondola.

Sapitwa265
Sindikutsutsa. 25 yachokera m'buku, 50 ndi 10 ndi kuganiza kwanga, ndipo m'lipoti zilembedwe choncho. Chofunika n'chakuti zisamasinthidwe mwezi ndi mwezi pofuna kuti nambala ikome.

Bambo_a_Tada
Inu mukukamba mamiliyoni a makwacha ngati kwacha imakhala malo amodzi. Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ine ndinali ndi makoteshoni a mapaipi panja onse anasanduka mapepala wamba. Mapanelo ndi mapampu mumaitanitsa kunja, Facebook yomweyo mumalipira m'madola. Koteshoni ya Juni ikadzavomerezedwa Disembala mtengo udzakhala womwewo?

Namulondola_Chonde
Nanga khadi yolipirira Facebook yo inu mukuitenga kuti? Yathu imangokana, mwezi watha zotsatsa zinaima sabata yathunthu.

MaiChinanazi
Ine amandilipirira mwana wa achimwene anga ali ku Joni, ndimabweza kwa mayi ake kuno.

Bambo_a_Tada
Ambiri akutero, koma pa kampani akauntanti adzafuna lisiti ya dzina la kampani. Komanso mtengo wa dola womwe mwalipira m'baleyo si wa ku banki, ndiye m'lipoti muzilemba makwacha omwe atulukadi m'thumba, osati kutenga madola a mu Ads Manager n'kuchulukitsa ndi mtengo wa ku banki.

KalalikiWaBvumbwe
Tibwerere kwa Nachisale. Za kwachazi yankho lake ndi deti. Koteshoni iliyonse ikhale ndi tsiku lothera, masiku 30 kapena ochepera, ndipo mu shiti muike deti lomwe munalankhulana komaliza. Ikatha nthawi muikonzenso mtengo kapena ituluke mu paipulaini. Kwathu kasitomala akakhala chete masiku 60 timamuchotsa, akadzabwera tidzamubwezera.

MadalaAkuMakwasa
Masiku 60 kwa esiteti ndi ochepa a Kalaliki. Pepala limatha kugona pa tebulo la bwana wamkulu miyezi itatu lili lamoyo.

KalalikiWaBvumbwe
Ndiye akhale ndi malo akeake olembedwa kuti ogona, koma asalowe mu nambala yopimidwa.

MadalaAkuMakwasa
Mmm, ine ndikanasiya momwemo bola wa m'katimo akuyankha foni. Koma ndi lipoti lanu.

Nachisale_Luchenza
Funso lina. Mu Ads Manager palibe paliponse pomwe pakuoneka makoteshoni amenewa, ndiye bwana akati "ukudziwa bwanji kuti a loji anabwera chifukwa cha Facebook" ndiyankha chani?

Sapitwa265
Sizingaonekemo. Facebook imadziwa zomwe zachitika pafupi ndi nthawi yomwe munthu anadina, mukayang'ana pa attribution setting mupeza nthawi zambiri pali `7-day click` ndi `1-day view`, ndipo za mu ofesi ya manijala siizidziwa n'komwe. Ngakhale Google Ads malire ake ndi masiku 90. Malonda anu amatenga miyezi isanu kapena kuposa, ndiye mboni yanu ndi shiti yanu. Mzere uliwonse kasitomala mmodzi: deti la uthenga woyamba, chotsatsa chomwe anadina, deti la mkumano, amene analipo, ndalama, pomwe zafika. Uthenga wochokera pa chotsatsa umafika pa WhatsApp uli ndi kachithunzi ka chotsatsacho pamwamba, jambulani sikirini tsiku lomwelo musunge.

Ndipo chachikulu chomwe ndikufuna mutenge ndi ichi, muziwerenga potsata mwezi womwe munthu anabwera, osati mwezi womwe walipira. A loji ngati analemba mu Meyi n'kudzalipira mu Okutobala, ndalama imeneyo ibwerere pa mzere wa Meyi, ikaime pambali pa K600,000 ya Meyi. Mukapanda kutero Meyi adzaoneka wolephera mpaka kalekale, ndipo Okutobala adzaoneka ngati wachita zodabwitsa pomwe mwina zotsatsa zake zinali zofooka. Choopsa kwambiri n'chakuti bwana akasiya mu Ogasiti, oda n'kubwera mu Okutobala, adzati "mwaona, tasiya Facebook malonda ayamba", kenako chaka chamawa kudzakhala zii osadziwa chifukwa chake.

Namulondola_Chonde
Nanga uyu: tcheya wa kalabu waona chotsatsa, sanalembe uthenga, wakauza mlamu wake amene amadziwana ndi amuna anga ku tchalitchi, mlamuyo ndiye waimba foni. Ameneyu ndi wa Facebook kapena wa ku tchalitchi?

Sapitwa265
Ine ndimamulemba padera, kuti zotsatsa zinathandizira, koma sindimuika powerengera mtengo wa mkumano. Ndipo mungamudziwe pokhapokha mutafunsa pa mkumano kuti munatimva kuti.

Bambo_a_Tada
Kumeneko ndi kudzibera nokha. Popanda chotsatsa foni ija sikanalira.

Chimz_Limbuli
Popanda mlamu sikanaliranso.

Nachisale_Luchenza
Pa 6 anga aja mmodzi ndi wotere ndithu, a sukulu. Ahedi anaona pa foni ya mphunzitsi wina koma anaimbira bwana mwachindunji chifukwa ndi a mpingo umodzi, ndipo bwana akuti ameneyo ndi wawo. Ndikamuchotsa nditsala ndi 5, mtengo ukwera kufika K540,000, ukadali pansi pa K667,000. Ndiye ndilemba 5, sukulu ndiika pamzere wapadera ndi K2.25 miliyoni yake. Tsamba loyamba ndiika ndalama zonse zomwe zalowa, mikumano ndi mtengo wake, paipulaini yonse ndi yopimidwa, ina ndi esiteti ina popanda, kenako Meyi, Juni, Julayi aliyense mzere wake. Ndikapempha kuti tipitirize mpaka Okutobala, ndipo mtengo wa mkumano ukadutsa K667,000 miyezi itatu imeneyo pamodzi ndidzavomera kuti tisinthe njira. Chomwe chikundivutabe ndi anyamata a malonda, salemba kanthu akabwera ku ulendo, ndimachita kuwafunsa pakamwa.

KalalikiWaBvumbwe
Auzeni mayi a ku akaunti asamabweze ndalama ya mafuta popanda kapepala kolemba amene anakumana naye, udindo wake ndi chomwe agwirizana. Sabata imodzi yokha ayamba kulemba.

MadalaAkuMakwasa
Ndipo mufunse a ku esiteti kuti bajeti yawo amatseka mwezi uti, si onse amatsata chaka cha boma choyamba mu Epulo. Deti limenelo mulilembe pa mzere wawo, bwana wanu adziwiretu kuti yankho lingabwere liti.